Kalata yanga yabwerera kuchokera kwa amfumu, ndalakwitsa pati?

Gulu: A kwathu okhala ku Harare

Nachisale (Mufakose): Odi makolo ndi abale nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani yandisowetsa tulo. Ine ndinabadwira konkuno, koma malemu bambo anga anachokera ku Ntcheu, anabwera mu 1964 kudzagwira ntchito kunjanji. Panopa ndikuyendetsa mapepala a unzika wa Malawi, ndiye andilangiza kuti ndipeze kalata ya amfumu yoikira umboni kuti bambowo analidi a m'mudzi umenewo. Mwezi watha ndinalemba kalata, ndinapatsira munthu wa basi, msuweni wanga n'kukaisiya kulikulu la mfumu yandodo ya dera lathu. Dzulo wandiimbira kuti kalata yabwerera. Akuti a kalaliki angoyang'ana envulopu n'kunena kuti munthu amene mwamulemberayu kuno kulibe. Chonsecho dzina ndinalembalo ndi lawo lenileni, msuweniyo anaphunzira nawo sukulu imodzi. Ndalakwitsa pati?

Kondwani wa Thiraki (Mbare): Asisi, amenewo akufuna ya fanta basi. Muike kenakake mu envulopumo muone ngati munthuyo sapezeka lero lomwe 😂

Ngozo (Highfield): Kondwani, dikira kaye. Mwana wanga Nachisale, tatilembera pano ndendende zimene unalemba pa envulopu ndi mawu oyamba a m'kalatamo. Dzina lenilenilo usaike, ungoti Uje.

Nachisale (Mufakose): Chabwino agogo. Pa envulopu ndinalemba kuti "Kwa Bambo Yakuti Uje, Mfumu ya mudzi, Ntcheu", dzina lawo loyamba ndi la bambo awo. M'kati ndinayamba kuti "Wokondedwa Bambo Uje, ndikhulupirira uli bwino." Kenako ndinalowa m'nkhani.

Mayi a Tadala (Dzivaresekwa): Mayo ine! "Uli bwino" kwa mfumu?

Nachisale (Mufakose): Chichewa changa ndi cha m'nyumba amayi, sindinachiphunzire kusukulu. Musandiseke chonde.

Ngozo (Highfield): Palibe akuseke. Ine ndinalembako m'bwalo la mfumu ina ku Ntcheu komweko ndisanabwere kuno kwa ana, ndipo makalata otere ndinawagwirapo ambiri, ena ochokera kwa anthu obadwira pamudzi pomwepo. A kalaliki aja sananame. Munthu akalongedwa ufumu amalowa dzina la mpando, ndipo dzina lake lobadwa nalo limatsala kwa akazi ake, kutchalitchi ndi kubanki. Pa nkhani za mudzi iye ndi Inkosi Uje basi. Ukamulembera ndi dzina lobadwa nalo, kalatayo imamveka ngati ya mnzake wa kuubusa amene akukana kuti mnzakeyo anavekedwa. Enanso amaona ngati uli kumbali ya amene ankalimbirana nawo mpandowo, poti kumudzi mikangano ya ufumu siisowa. Iwe sunaganize zimenezo, koma wowerenga sakuona nkhope yako, akuona pepala.

Dzina la mpando lili ndi ubwino winanso kwa ife tili kutali. Sitidziwa msanga kukagwa zovuta, kapena kuti pampando pakhala wongogwirizira. Ukalembera mpando, kalata ifika ndithu kaya pakhala ndani. Ndipo sukhala pa ngozi yotcha mayi kuti bambo. Ku Dedza, a Theresa Kachindamoto atalowa ufumu mu 2003, wolemba "Inkosi Kachindamoto" sanafunike kusintha kanthu, koma wolemba "Bambo" anagwa nayo.

Chachiwiri, unawatsitsa. Mfumu ya mudzi ndi nyakwawa. Pamwamba pa nyakwawa pali gulupu, amene amayang'anira midzi ingapo. Kenako pali mfumu yandodo yaing'ono, mfumu yandodo imene pamapepala a boma amalemba T/A, kenako yokwezedwa imene amalemba Senior Chief, ndipo pamwamba penipeni mfumu ya mafumu. Iwe unatenga munthu wa masitepe atatu pamwamba n'kumubwezera pansi. Kukweza munthu molakwitsa amangoseka, koma kumutsitsa sakhululuka msanga.

Kondwani wa Thiraki (Mbare): Apo ndavomera madala. Ndiye njira yachidule ndi iyi asisi: lembani "Gogo Chalo" basi. Mfumu iliyonse ku Malawi ukaitchula Gogo Chalo imamwetulira. Ine ndimadutsa Nyamapanda, Tete mpaka Dedza mwezi ndi mwezi, ndikudziwa.

Ngozo (Highfield): Wanena zoona theka. Gogo Chalo ndi ulemu wa mafumu akuluakulu a Chichewa, ukapita ku Lilongwe, Dowa, Kasungu udzamva zimenezo. Koma Ntcheu ndi dziko la Angoni a kwa Maseko. Kumeneko mafumu andodo ndi ma Inkosi: Inkosi Kwataine, Inkosi Makwangwala, Inkosi Njolomole, choncho. Pamwamba pawo pali Inkosi ya Makhosi Gomani V, likulu lawo ku Lizulu. Ku Mzimba kulinso Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V. Ukapita ku Rumphi, a Chikulamayembe ndi Themba la Mathemba. Ukalemba Gogo Chalo ku Ntcheu sakuthamangitsa, pakamwa anthu amasakaniza ndithu, koma papepala adziwa kuti wolembayu sakudziwa kwawo. Pamene iweyo kalata yako yonse ikufuna kuonetsa kuti kumeneko ndi kwanu.

Che Yusufu (Mbare): Ndionjezepo za kwathu ku Mangochi. Ife mfumu timaiyankha kuti Mwenye. Ndipo dzina la munthu wamkulu timayamba ndi Che. Chimene chimandiseketsa kuno ndi makalata a sosaite yathu ya maliro, amandilemba "a Che Yusufu". Che yemweyo ndi a. Zili ngati kuvala zipewa ziwiri.

Mayi a Tadala (Dzivaresekwa): Koma Che Yusufu, ife pakamwa timatero ndithu, a Che Yusufu abwera. Kungoti Che pakha kumandimvekera kopepuka.

Che Yusufu (Mbare): Chifukwa khutu lanu ndi la Chichewa mayi. Kwa Myao n'kokwanira. Koma sindikwiya, bola chopereka changa muzilemba molondola.

Nachisale (Mufakose): Agogo a Ngozo, ndiye ndingosintha envulopu ndi malonje n'kutumizanso?

Ngozo (Highfield): Ayi, chachikulu sindinanene. Ngakhale ukanalemba maudindo onse bwinobwino, kalata yako ikanabwererabe, chifukwa inalowera pazenera. Inkosi sangadziwe munthu amene anachoka mu 1964. Odziwa ndi nyakwawa ya mudzi wa bambo ako, ndipo nyakwawayo idzafunsa mwinimbumba wa banja lanu, malume kapena azakhali amene atsala. Nyakwawa ikakhutira imalemba mawu ake n'kudinda chidindo, kalata ipite kwa gulupu, adinde, kenako kwa Inkosi. Inkosi akaona zidindo ziwiri za anthu awo amasaina mtima uli m'malo. Akaona kalata yopanda chidindo, funso lawo loyamba ndi lakuti, kodi a nyakwawa akudziwa? Ndipo nyakwawa ikamva kuti unailumpha, tsiku limene udzaifune idzakhala yotanganidwa kumunda.

Ndiye pamwamba pa kalata, keyala yako ndi tsiku zikatha, ulembe motere:

Kwa: Inkosi Uje, Boma la Ntcheu
Kudzera mwa: Gulupu Uje
Kudzera mwa: Nyakwawa Uje

Inkosi,

PEMPHO LA KALATA YA UMBONI WA KWAWO KWA BAMBO ANGA

Ine ndine Yakuti Nachisale, mwana wa malemu Uje Chisale, amene anali mwana wa Uje ndi Nauje a m'mudzi mwa Nyakwawa Uje. Bambo angawo anachoka kumudzi m'chaka cha 1964 kubwera ku Harare, kumene anamwalirira. Mwinimbumba wathu pamudzipo ndi a Uje. Ndagwada pamaso panu, Inkosi, kupempha kuti mundithandize ndi kalata yoikira umboni kuti bambo angawo anali mwana wanu wa m'dera lanu.

Ine mwana wanu,
dzina ndi saini

Waona kuti "Wokondedwa" mulibe. Mawu amenewo ndi a kalata yamchezo, kwa mlongo wako kapena bwenzi. Waonanso kuti usanapemphe kanthu wayamba wadzifotokoza kuti ndiwe wa kwa yani. Kwa mfumu, dzina lako lokha silinena kanthu, chimene chimalankhula ndi mzere wa makolo. Msuweni wakoyo asakaponye kalatayi patebulo la a kalaliki, ayambire nayo kwa mwinimbumba, apite limodzi kwa nyakwawa.

Kondwani wa Thiraki (Mbare): Muonjezere "Bayete Nkosi" pamapeto, zikome.

Ngozo (Highfield): Mmene ndinakulira ine, Bayete ndi wa Inkosi ya Makhosi yekha, ndiponso ndi wofuula pabwalo anthu ataimirira, osati wolemba m'kalata yopempha. Masiku ano ndamvapo achinyamata akufuulira Inkosi aliyense, kaya zinasintha. Ine sindingaike.

Kondwani wa Thiraki (Mbare): Ine ndamva ndi makutu angawa akufuulira mfumu yandodo pamaliro, palibe anadandaula.

Ngozo (Highfield): Pamaliro anthu sadandaula mokweza, mwana wanga.

Aphunzitsi Mwale (Glen View): Ndalowa mochedwa, ndinali m'kalasi. Za mafumu a Ngozo amaliza, ine ndingothandizako pa kalembedwe, poti ana obadwira kuno amasokonezeka ndi Chishona. Anzathu amalumikiza ulemu ndi dzina, VaMoyo, VaBanda, V wamkulu. Ife a waulemu timamulemba payekha, ndipo pakati pa chiganizo amakhala wamng'ono: ndaonana ndi a Banda. Ndaonapo makalata a "ABanda" ndi "aBanda" ambirimbiri kuno.

China chimene chimagwetsa anthu ndi kusakhazikika. Munthu amayamba bwino ndi "inu", pofika ndime yachiwiri walemba "ndikukupempha kuti undithandize". Mukamaliza kulemba, werengani mokweza mukusaka mawu aliwonse olozera kwa mfumuyo: akhale mu-, mwa-, -ni, -nu. Ndikukupemphani, mundithandize, dera lanu. Ndiponso mukamanena za nyakwawa m'kalata yopita kwa Inkosi, musalembe ngati nyuzipepala kuti "mfumuyo yati". Lembani "a nyakwawa anena kuti". Kumbukirani kuti kalatayo idutsa m'manja mwawo, aiwerenga.

Nachisale (Mufakose): Zikomo aphunzitsi. "Uli bwino" uja wandichititsa manyazi usiku wonse.

Bambo a Chisomo (Kuwadzana): Pepani ndafika pakati. Ngati nkhani ndi yotumiza kalata ku Ntcheu, mlamu wanga akunyamuka Lachisanu pa Mbare, akatsikira pa Tsangano. Amalipiritsa pang'ono.

Mayi a Tadala (Dzivaresekwa): Bambo a Chisomo werengani kaye pamwambapo, kalata inafika kale, vuto ndi zimene zinalembedwa 😂

Bambo a Chisomo (Kuwadzana): Oho. Komabe yachiwiriyo ifunika wonyamula.

Mayi a Tadala (Dzivaresekwa): Poti nkhani yatseguka, nanenso ndifunse yanga. Ndine mlembi wa sosaite yathu ya maliro. Chaka chatha tinalembera bwanamkubwa wa boma lina kwathu za malo oti timangepo chitsime pamudzi wina, ndalama tinasonkha konkuno. Ndinalemba dzina lawo, n'kuyamba ndi "Wolemekezeka". Miyezi inayi zii. Titafufuza tinamva kuti bwanayo anasamutsidwa, kalata inakhala m'kabati osatsegulidwa poti inali ndi dzina la munthu. Tsopano tikufuna kuitana a kazembe ku mwambo wathu wa Disembala. Ndikuopa kubwereza.

Aphunzitsi Mwale (Glen View): Yankho mwadzipatsa nokha mayi. Ogwira ntchito m'boma amasamutsidwa, ndiye mulembere ofesi: The District Commissioner, kenako dzina la khonsolo ya bomalo. Kalata yotero aliyense amene ali pampando, ngakhale wogwirizira, ali ndi ufulu woitsegula. Ya dzina la munthu, mlembi wa muofesi amaopa, mwina ndi ya ngongole kapena ya kubanja. M'kati mungoti "Bwana". Wolemekezeka ndi wa aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi nduna. Bwanamkubwa ndi mlembi wamkulu wa unduna ndi antchito a boma, sanasankhidwe ndi mavoti, mawu amenewo si awo.

Za a kazembe, pa Chichewa palibe vuto, kazembe ndi kazembe. Msampha uli pa envulopu ya Chingerezi. Kuno mulembe Ambassador, ndipo ofesi yawo ndi Embassy. Wa ku Lusaka ndiye High Commissioner, chifukwa Malawi ndi Zambia onse ali mu Commonwealth, pamene Zimbabwe inatulukamo mu 2003. Kutsogolo kwake His Excellency kapena Her Excellency, ndiye muimbe kaye foni mufunse ngati pampandopo pali bambo kapena mayi, musadalire amene munamuona zaka zitatu zapitazo.

Mayi a Tadala (Dzivaresekwa): Nanga pa Chichewa ndilembe Wolemekezeka kapena Olemekezeka? Ndimaona zonse ziwiri.

Aphunzitsi Mwale (Glen View): Ine ndimati Olemekezeka. Wo- ndi wa munthu mmodzi, o- ndi wa ambiri, ndipo ulemu wathu umayenda ndi kuchulukitsa. Ngati mukuti "a Kazembe" ndi "inu", ndiye "Olemekezeka a Kazembe" ndi zimene zikugwirizana.

Ngozo (Highfield): Apa aphunzitsi tisiyana pang'ono. Ife tinaphunzira kuti pa keyala, pamene ukutchula munthu mmodzi ndi udindo wake, umalemba Wolemekezeka Phungu wa dera lakuti. Olemekezeka timanena pomuitana pamsonkhano. Makalata ambiri amene ndinaona anali otero.

Aphunzitsi Mwale (Glen View): Sindikutsutsa kuti alipo otero madala, koma mukatero musaikepo a. "Wolemekezeka a Phungu" ndiye zosokonekera, mutu wa mmodzi thupi la ambiri.

Ngozo (Highfield): Pamenepo tagwirizana. Pa zinazo aliyense akhale ndi zake.

Limbani (Mount Pleasant): Makolo, ndibwereke nawo bwaloli. Ndikumaliza digiri yoyamba kuno, ndikufuna kulembera mphunzitsi wina wa payunivesite ina ku Malawi kuti adzandiyang'anire pa digiri yachiwiri. Patsamba la sukulu yawo alemba kuti ndi Associate Professor, ali ndi PhD, ndipo ndi mayi. Ndalemba "Dear Mrs Dr Prof" ndi dzina lawo loyamba, kuti ndisasiye kalikonse. Ndisanatumize ndati ndifunse.

Nabanda (Hatfield): Usatumize! Limbani, ine ndakhala sekilitale m'dipatimenti ya payunivesite zaka zambiri, makalata a ophunzira amadutsa pa desiki yanga. Yako ija tikanaiika pa mulu wa osekedwa pa tiyi. Udindo waukulu umameza waung'ono. Munthu akafika pa upulofesa, udokotala uja uli kale m'kati, sutchulidwanso pomulonjera. Ulembe Dear Professor ndi dzina la bambo awo kapena la banja limene amalembera mabuku, osati loyamba. Ngakhale ali Associate Professor, pomulonjera ndi Professor basi, mawu onse awiriwo amalembedwa pa keyala pokha.

Mrs uja chotsa msangamsanga. Azimayi ophunzira zimawapweteka kwambiri, chifukwa amaona kalata yopita kwa mwamuna mnzawo yalembedwa Professor, yawo yalembedwa Mrs, ngati kuti chachikulu chimene anachita pamoyo ndi kukwatiwa. Ndiponso sukudziwa ngati ali pabanja.

Kondwani wa Thiraki (Mbare): Koma kwathu timaunjika ndithu. Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda, simunamve? Ulemu ndi kuchulukitsa.

Nabanda (Hatfield): Taonani bwino achimwene. Ngwazi ndi dzina laulemu, Dr. ndi la sukulu, poti Kamuzu anali dokotala wa zachipatala. Ndi zinthu ziwiri zochokera kosiyana, n'chifukwa chake zimakhalira limodzi. Chimodzimodzi phungu amene ali ndi udokotala, mumayamba ndi Wolemekezeka kenako Dr. Koma Dr ndi Prof ndi makwerero amodzi, sungaime pa masitepe awiri nthawi imodzi. Chimodzimodzinso kulemba Dr kutsogolo ndi PhD kumbuyo kwa dzina lomwelo, wanena chinthu chimodzi kawiri.

Limbani (Mount Pleasant): Ndamva anti. Nanga akandiyankha n'kusaina ndi dzina loyamba lokha, ndiyambe kuwatchula choncho?

Nabanda (Hatfield): Ayi. Ambiri amasaina choncho chifukwa chofulumira. Upitirize Professor mpaka atakuuza okha kuti usiye. Ndipo ukadzakumana nawo n'kuyamba Chichewa, ndi "a Pulofesa", osati "amayi" kapena "anti" ngati mmene ukunditchulira ine pano. China, uonenso patsamba lawo tsiku lotumizalo. Anthu amakwezedwa, ndipo sukulu zinasintha maina. Mu 2021 yunivesite ya Malawi inagawidwa, Poly ija inakhala MUBAS, sukulu ya madokotala ndi ya anamwino zinakhala KUHeS, Chanco n'kutsala ndi dzina la UNIMA. Ukalemba dzina lakale aona kuti sunafufuze.

Che Yusufu (Mbare): Nanga awa a udokotala wongopatsidwa mwaulemu, oimba ndi abusa ndi andale? Tiziwalemba Dr?

Nabanda (Hatfield): Kuyunivesite sitiwalemba, kupatula kalata yochokera kusukulu imene inawapatsayo. Umenewo ndi mphatso, si sukulu.

Mayi a Tadala (Dzivaresekwa): Inu mukunena za kuyunivesite. Ine ngati ndikupempha munthu kuti adzakhale mlendo wolemekezeka pa mwambo wathu, ndipo iye amadzitcha Dr, ndimulemba Dr. Sindingataye thumba la simenti chifukwa cha zilembo ziwiri.

Nabanda (Hatfield): Ndiye mmene zimafalikira choncho mayi, mpaka aliyense ndi dokotala.

Mayi a Tadala (Dzivaresekwa): Zifalikire, chitsime chimangidwe.

Nachisale (Mufakose): Pepani ndibwezeko kwanga pang'ono. Ndamuimbira msuweni uja. Akuti mudzi wa bambo unagawika, pano pali nyakwawa ziwiri, ndipo azakhali amene atsala akukhala mbali ya nyakwawa yatsopano. Komanso akuti akumva kuti Inkosi anakwezedwa, koma sakutsimikiza. Ndilembe kudzera mwa iti? Ndipo ndiike Senior Chief kapena ayi?

Ngozo (Highfield): Za kukwezedwazo usaganizire, msuweni akafunse a kalaliki, kapena aone chidindo pa kalata iliyonse yaposachedwa yochokera kulikuluko, chimalemba udindo. Mwayi wako ndi wakuti mawu oti Inkosi amakwana konsekonse, kaya anakwezedwa kaya ayi, ndiye ukalemba Chichewa sulakwa. Za nyakwawa ziwirizo ndiye zovuta. Ine ndikanadzera kumene kuli azakhali, poti ndi amene akaikire umboni, ndipo m'kalatamo ndikanatchula kuti pa nthawi imene bambo ankachoka mudziwo unali umodzi pansi pa Nyakwawa Uje.

Aphunzitsi Mwale (Glen View): Ine ndikuopa kuti dzina la mudzi likasiyana ndi limene lili pa mapepala akale a bambo ake, kuofesi akamubweza. Bwanji adzere kwa yakaleyo?

Ngozo (Highfield): N'zomveka. Koma ngati nyakwawa ziwirizo sizimwerana madzi, yakaleyo ikhoza kukana kudinda za banja limene linaichoka. Nachisale, usalembe kaye. Azakhali akafunse a gulupu pakamwa kuti kalatayi idzere kuti, poti onse awiri ali pansi pawo. Zimene anene a gulupu ndi zimene ulembe.

Nachisale (Mufakose): Chabwino agogo, ndiwaimbira azakhali madzulo ano akabwera kudimba. Bambo a Chisomo, mlamu wanu uja amapitanso liti pambuyo pa Lachisanu? Sindikhala nditamaliza.

Bambo a Chisomo (Kuwadzana): Pakatha milungu iwiri. Mundiuze Lachitatu lake kuti ndimusungitse malo m'chikwama.